Mmene mungawerengere UPS ndi mabatire a chipinda chaching'ono cha maseva

Funso limene limandifika mobwerezabwereza ndi lakuti: "Tili ndi maraki awiri a maseva, tigule UPS ya kVA zingati, ndipo itisunga mphindi zingati magetsi akathima?" UPS ndi makina okhala ndi mabatire amene amapitiriza kudyetsa maseva magetsi akathima. Yankho la funsoli silipezeka pa kabuku ka wogulitsa, limapezeka powerengera, ndiye ndalemba mawerengedwe onsewo pano kamodzi. Titsatira chipinda chimodzi chongoyerekeza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti muzingochotsa manambala anga n'kuikapo anu.

Mfundo yaikulu imene ndikufuna muigwire ndi iyi: musawerengere tsiku limene zipangizo zangofika kumene. Werengerani tsiku loipa, pamene mabatire akalamba, maseva awonjezeka, ndipo UPS imodzi yasiya kugwira ntchito. Zonse zotsatirazi zikuchokera pamenepo.

1. Pimani lodi yeniyeni, osati imene yalembedwa pa zipangizo

Lodi ndi mphamvu yonse ya magetsi imene zipangizo zanu zikukoka, ndipo timaiwerenga m'mawati. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa amatenga nambala imene yalembedwa kumbuyo kwa seva. Seva yokhala ndi ma PSU awiri a 800 W, timabokosi tolandirira magetsi ta mkati mwake, siikoka 1600 W. Nambalayo ikungonena malire a PSU iliyonse, ndipo yachiwiriyo ilipo kuti ilowe m'malo mwa inzake ikafa. Mukaphatikiza motero maseva asanu ndi limodzi mupeza 9600 W, pamene mwina onse pamodzi sakufika n'komwe pa 2000 W.

Pimani ndi mita yopanira pa waya, kapena werengani pa PDU, chogawira magetsi cha mu raki, ngati ili ndi mita. Maseva ambiri amanena okha mphamvu imene akukoka:

```
ipmitool dcmi power reading
```

Pimani pa nthawi imene ntchito yachuluka, monga pamene makina akusunga makope a mafayilo, ndipo tengani nambala yaikulu, osati yapakatikati. M'chipinda chathu tapeza izi: maseva 6 akukoka 330 W iliyonse, ndiye 1980 W, makina osungira mafayilo 620 W, maswichi awiri aakulu 280 W, swichi ya PoE, imene imadyetsanso makamera ndi mafoni kudzera m'mawaya a netiweki, 520 W, rauta ndi fayawolo 120 W, tizipangizo tina 80 W. Zonse pamodzi ndi 3600 W.

Kenako wonjezerani za mtsogolo. Funsani eni ntchito chimene akufuna kugula m'zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi. Ife tiwonjezera 25 peresenti, ndiye lodi yowerengera ndi 4500 W. Eyakoni, makina osindikizira ndi soketi zapakhoma zimene aliyense angalumikizepo chilichonse zisalowe pa UPS imeneyi.

2. Sankhani kukula kwa UPS poyang'ana mawati, osati kVA yokha

UPS iliyonse ili ndi malire awiri, a kVA ndi a kW, ndipo simuyenera kupyola alionse. Chimene chimalumikiza manambala awiriwa ndi PF yolembedwa pa pepala la wopanga, nambala imene mukaichulukitsa ndi kVA mumapeza kW. UPS ya 6 kVA yokhala ndi PF ya 0.8 imapereka 4800 W basi, ya 0.9 imapereka 5400 W, ya 1.0 imapereka 6000 W. Zonse zitatu zimagulitsidwa ndi dzina limodzi lakuti 6 kVA. Ma PSU a maseva amakono ali ndi PF yoyandikira 1, choncho malire amene mumayamba kuwagunda ndi a mawati.

Langizo langa ndi lakuti lodi yowerengera isapyole 80 peresenti ya mawati a UPS, kuti pakhale mpata pamene maseva onse akuyaka nthawi imodzi. 4500 W pa 4800 W ndi 94 peresenti, yachepa. Pa 5400 W ndi 83 peresenti, yapyolabe pang'ono. Pa 6000 W ndi 75 peresenti, ndiye tisankha ya 6 kVA yopereka 6 kW.

Za mtundu wake sinditalikitsa. M'chipinda cha maseva tengani UPS imene inveta yake imadyetsa lodi nthawi zonse, yomwe pa muyezo wa IEC 62040-3 imalembedwa VFI. Magetsi akathima palibe kampata kosinthira, ndipo imapirira bwino magetsi osakhazikika a jenereta.

3. Dziwani mphindi zimene mukufunadi

Anthu amakonda kunena kuti "tikufuna maola awiri" asanaganize chimene chidzachitike m'maola awiriwo. Mabatire a UPS ali ndi ntchito ziwiri zokha: kudikira kuti jenereta ilire, kapena kupereka nthawi yoti maseva azimitsidwe mwadongosolo.

Ngati muli ndi jenereta yodzilira yokha, nthawi zambiri imatenga lodi pasanathe mphindi imodzi. Koma musawerengere mphindi imodzi, chifukwa tsiku lina idzakana kulira, ndipo tsiku limenelo mudzafunika nthawi yokwanira kuzimitsa zonse. Choncho kaya jenereta ilipo kaya palibe, mawerengedwe ndi amodzi. Tengani wotchi mupime. M'chipinda chathu tidikira mphindi 3 kuti tione ngati magetsi abwerera, maseva ongoyerekezera amene akuyenda mkati mwa maseva enieni amatenga mphindi 5 kuti atseke, maseva enieniwo mphindi 2, ndipo makina osungira mafayilo, amene ayenera kuzima pomalizira, mphindi 3. Zakwana mphindi 13. Tiikapo mpata pang'ono n'kunena 15.

Pali chinthu china chimene chimaika malire pa mphindi zimenezi, ndicho kutentha. Pafupifupi mphamvu yonse imene seva yakoka imasanduka kutentha, ndipo magetsi akathima eyakoni imazima pamene maseva akupitiriza. Mpweya wa m'chipinda cha makyubiki mita 30 umafuna pafupifupi 36 kJ kuti ukwere ndi digiri imodzi. Lodi ya 4500 W imatulutsa zimenezo m'masekondi 8. Makoma ndi zitsulo zimamwa gawo lina la kutenthako, motero sikukwera msanga choncho, koma m'kachipinda kotseka mukuwerenga mphindi, osati maola. Mukagula mabatire a maola awiri popanda njira yoziziritsira, maseva adzadzizimitsa okha chifukwa cha kutentha mabatire akadali ndi mphamvu. Ngati mukufunadi maola, yankho ndi jenereta imene ikunyamulanso eyakoni.

4. Werengerani mabatire pogwiritsa ntchito tchati cha mawati

Apa ndiye pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene zipinda zambiri zimagwera. Tiyeni tipite pang'onopang'ono.

UPS yathu imagwiritsa ntchito mabatire a mtovu otsekeratu, amene amalembedwa VRLA, a 12 V ndi 9 Ah. Amalumikizidwa 16 motsatizana kuti apange 192 V, ndipo gulu limeneli tilitchula mzere. Chiwerengerochi chimasiyana pakati pa ma UPS, ndiye onani cha yanu. Batire lililonse la 12 V lili ndi maselo 6, choncho mzere umodzi uli ndi maselo 96.

Mawerengedwe amene anthu ambiri amachita ndi awa:

```
192 V x 9 Ah = 1728 Wh
1728 / 4500 W = 0.38 h = 23 min
```

Akatero amati mzere umodzi ukukwanira, mphindi 23 zaposa 15. Yankho limeneli ndi lolakwika kwambiri. Nambala ya 9 Ah imapimidwa pokoka batire pang'onopang'ono kwa maola 20, kutanthauza 0.45 A yokha. UPS yathu idzakoka pafupifupi 27 A pa mzere umodzi, kuwirikiza ka 60. Batire la mtovu likakokedwa mofulumira chonchi, asidi safika msanga mkati mwa mapuleti, mphamvu ina imatayika ngati kutentha, ndipo voteji imagwa mphamvu yambiri ikadali mkati. Zili ngati chitsime chimene madzi ake amasefukira pang'onopang'ono: mukatunga mwaphuma chimauma msanga ngakhale pansi pali madzi. Komanso UPS imafuna mawati osasintha, choncho voteji ikamatsika imakoka ma ampu ochuluka, ndipo kugwako kumafulumira chakumapeto.

Njira yoyenera ndi kutsegula pepala la wopanga batire n'kupeza tchati cholembedwa `Constant Power Discharge`. Chimasonyeza mawati amene selo limodzi, kapena batire lathunthu, lingapereke kwa mphindi zakutizakuti mpaka voteji itatsika kufika pa malire akutiakuti. Yang'anitsitsani ngati manambalawo ndi a selo kapena a batire, chifukwa kusiyana kwake ndi kuwirikiza ka 6. Malire a voteji atengeni pa UPS yanu, pamene imadula mabatire. Pa nthawi zazifupi ambiri amaika 1.67 V pa selo, ena 1.75 V. Tiyerekeze kuti tchati cha batire lathu, pa 1.67 V ndi madigiri 25, chikuti:

```
 5 min   70 W/cell
10 min   46 W/cell
15 min   34 W/cell
30 min   20 W/cell
```

Onani chimene chikutuluka. Kwa mphindi 15 mzere wonse umapereka 34 kuchulukitsa ndi 96, ndiye 3264 W, kapena 816 Wh. Imeneyi siifika theka la 1728 Wh ija.

Tsopano tiwerengere chimene mabatire ayenera kupereka. Choyamba, inveta imataya mphamvu ina posandutsa magetsi a batire kukhala a maseva. Tengani nambala ya pa pepala la UPS yonena za pamene ikuyendera batire. Ife titenga 0.92. Chachiwiri, batire limakalamba. Mwambo wa akatswiri, umene ulinso mu IEEE 1188, ndi wakuti batire lisinthidwe likatsika kufika pa 80 peresenti ya mphamvu yake yolembedwa. Kuti pa tsiku lomaliza limenelo likhale likukwanitsabe mphindi 15, timachulukitsa ndi 1.25.

```
4500 / 0.92   = 4891 W
4891 x 1.25   = 6114 W
6114 / 96     = 63.7 W/cell
63.7 / 34     = 1.87
```

Yankho ndi mizere iwiri, mabatire 32. Nthawi zonse kwezani nambala kupita pamwamba. Mzere umodzi uja, ngakhale uli watsopano, ukananyamula 51 W pa selo, ndipo pa tchati ndi mphindi 8 kapena 9 basi, osati 23. Makina osungira mafayilo akanathima mwadzidzidzi maseva asanamalize kutseka.

Mukaika mizere iwiriyo lero, lodi ikadali 3600 W ndipo mabatire ali atsopano, selo lililonse linyamula pafupifupi 20 W, ndipo mupeza mphindi 30. Wina adzanena kuti mwagula mabatire ochuluka. Simunatero. Mphindi 15 zapamwambazo ndi zimene zidzadyedwa ndi maseva atsopano ndi ukalamba.

Mizere iwiri ili ndi ubwino winanso. Mu mzere umodzi magetsi amadutsa m'mabatire onse 16, choncho limodzi likaduka mkati mzere wonse wafa, ndipo simudziwa mpaka magetsi atathima. Ndi mizere iwiri, wotsalawo umakupatsanibe mphindi zingapo. Koma musapitirire nazo. Mukanafuna mphindi 30 mukanagawa 63.7 ndi 20 n'kupeza 3.2, ndiye mizere inayi, mabatire 64 aang'ono okhala ndi malumikizidwe ambirimbiri oti muziwayang'anira. Zikafika pamenepo ndi bwino kutenga mabatire akuluakulu m'mizere iwiri. Ndipo musasakanize atsopano ndi akale, kapena a makulidwe osiyana, mu mzere umodzi. Ofooka amatha msanga n'kuwononga anzawo.

Tchati chija ndi cha madigiri 25. Chipinda chikazizira kuposa pamenepo batire limapereka mphamvu yocheperapo, ndipo wopanga amapereka nambala yokonzera mawerengedwe. Chikatentha, mphamvu ya tsiku limenelo siichepa, koma moyo wa batire umafupika: pa madigiri 8 mpaka 10 alionse opyola 25, moyo umadulidwa pakati. Batire lolembedwa zaka 5 limene likukhala pa madigiri 35 lingathe m'zaka ziwiri ndi theka. Choncho musaike bokosi la mabatire kumbuyo kwa raki kumene kumatulukira mpweya wotentha.

Ngati mukuganiza za mabatire a lifiyamu, mawerengedwe a mawati ndi omwewo, ndipo amasunga mphamvu yawo bwino akakokedwa mofulumira. Koma ali ndi kabokosi kowayang'anira, ka BMS, kamene kamadula magetsi ma ampu akapyola malire ake. Onani malirewo, ndipo agwiritseni ntchito pa UPS yokhayo imene wopanga wavomereza.

5. Onani chaja ndi mawaya a mabatire

Mphindi zimene mwawerengera zilipo pokhapokha mabatire ali odzaza. Pa mphindi 15 za lodi yonse, mabatire athu amatulutsa pafupifupi 1220 Wh, imene ndi ngati 7 Ah. Ma UPS ena a kukula kumeneku amabwera ndi chaja ya 1 A yokha, yopangidwira mzere umodzi wamkati. Ndi chaja imeneyo kubwezera 7 Ah kumatenga maola opitirira 7, ndipo gawo lomaliza limalowa mochedwa kwambiri. Magetsi akathimanso patapita maola awiri, mulibe mphindi 15, muli ndi zochepa kwambiri. Muyezo wabwino ndi chaja yopereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a Ah zonse. Mizere yathu iwiri ndi 18 Ah, ndiye chaja ya 2 A. Kumene magetsi amathima kangapo pa tsiku, funso la chaja ndi lalikulu ngati la mabatire.

Mawaya ndi buleka ya mabatire ziwerengereni pa voteji yotsikitsitsa, chifukwa ndi pamene ma ampu amachuluka. Maselo 96 pa 1.67 V ndi 160 V. UPS itanyamula 6000 W yonse, mabatire apereka 6000 kugawa ndi 0.92, kugawanso ndi 160, pafupifupi 41 A. Buleka yake ikhale yolembedwa kuti ndi ya DC pa voteji imeneyo. Ya AC wamba ikhoza kulephera kuzimitsa moto umene umabuka podula. Mzere uliwonse ukhale ndi fyuzi kapena buleka yake. Voteji ya 192 V ya DC imapha, ndipo mabatire alibe pozimitsira, choncho ntchito yolumikiza isiyireni munthu wodziwa.

6. Sankhani pakati pa N, N+1 ndi 2N

Chilembo cha N chikuimira mphamvu yokwanira kunyamula lodi popanda chotsala. Kwa ife N ndi UPS imodzi ya 6 kW. Ikafa, kapena ikafunika kukonzedwa, chipinda chili pa chiopsezo. Ngati ndalama zikungokwana N, musasiye kugula swichi yolambalalitsa yakunja, imene amisiri amati baipasi. Imakulolani kudyetsa maseva ndi magetsi wamba n'kuchotsa UPS yonse popanda kuzimitsa kanthu. Tsatani ndondomeko yake: yambani mwaika UPS pa baipasi yake yamkati, kenako mutembenuze yakunjayo. Mukasemphanitsa mukhoza kugundanitsa inveta ndi magetsi akunja n'kuiwononga. Lembani ndondomekoyo papepala muimate pambali pa swichiyo.

N+1 ndi kuwonjezera gawo limodzi lapadera. Tiyerekeze UPS ya mamojulo a 3 kW: awiri akunyamula 4500 W, lachitatu ndi lapadera. Kapena ma UPS awiri a 6 kW olumikizidwa kuti atulutsire pamodzi. Zimenezi zimakutetezani mojulo ikafa, koma magetsi onse amatulukirabe pa njira imodzi: bolodi limodzi, buleka imodzi, nthawi zina mabatire amodzimodzi. Wina akagwetsa buleka imeneyo, mojulo yapadera ilibe chochita. Vuto lina limabwera mwakachetechete. Lodi ikakwera kupyola 6 kW, mamojulo onse atatu amakhala ofunika, ndipo N+1 yanu yasanduka N ngakhale magetsi onse obiriwira akuyaka. Ikani alamu yochenjeza za zimenezi.

2N ndi njira ziwiri zosiyana kotheratu, A ndi B. Iliyonse ili ndi UPS yake, mabatire ake, buleka yake ndi PDU yake, ndipo iliyonse ikhoza kunyamula lodi yonse payokha. PSU imodzi ya seva imapita ku A, inayo ku B. Maganizo anga ndi akuti m'chipinda chaching'ono chimene zipangizo zambiri zili ndi ma PSU awiri, ngati mwaganiza zogula ma UPS awiri, aikeni monga 2N m'malo mowalumikiza pamodzi. Mabokosi ake ndi omwewo, koma palibe waya wowagwirizanitsa umene ungagwetse onse awiri, ndipo mukhoza kuzimitsa mbali yonse masana n'kuikonza. N+1 ya mamojulo ndiyabwino pamene zipangizo zambiri zili ndi chingwe chimodzi, kapena lodi ikukula mosadziwika.

Koma 2N ili ndi misampha yake, ndipo yonse imachokera pa chinthu chimodzi: tsiku ndi tsiku mbali iliyonse imanyamula theka lokha, ndiye zonse zimaoneka zopepuka.

Woyamba ndi wa mabatire. Mbali iliyonse iyenera kukhala ndi mizere yake iwiri, mabatire 64 onse pamodzi. Musagawe 32 aja pakati. Mbali zonse zikamagwira, UPS iliyonse imanyamula 2250 W ndipo pa galasi lake imalemba mphindi zoyandikira 50. Nambala imeneyo musaidalire poika nthawi yozimitsira maseva. A ikafa magetsi atathima, lodi yonse imalumphira ku B nthawi yomweyo, ndipo nthawi yanu ndi ija munawerengera pa sitepe 4.

Wachiwiri ndi wa mphamvu. UPS iliyonse isapyole 40 peresenti pa masiku wamba, kuti ikalandira ya inzake isapyole 80. Munthu akaona 38 peresenti pa galasi amaganiza kuti pali malo ambiri n'kuwonjezera maseva. Zonse ziwiri zikafika pa 60 peresenti, tsiku limene imodzi idzafe inayo idzalandira 120 peresenti, idzathawira pa baipasi, ndipo ngati magetsi akunja kulibe idzazima. Muziphatikiza manambala a mbali ziwirizo nthawi zonse, chifukwa maseva ena amaikidwa kuti azikoka pa PSU imodzi inayo ikupuma, choncho kugawana sikukhala kofanana.

Wachitatu ndi wa mabuleka. Pa magetsi a 230 V, 4500 W ndi pafupifupi 20 A. Njira ya 16 A imanyamula theka lake, 10 A, kwa zaka popanda vuto, kenako imagwa pa mphindi yomwe mbali inayo yafa. Njira iliyonse, kuchokera pa UPS mpaka pa PDU, iwerengereni lodi yonse imene ingaigwere. Pano ifunika ya 32 A.

Wachinayi ndi zipangizo za chingwe chimodzi, monga rauta, modemu ndi maswichi aang'ono. Mukaziika zonse ku A, maseva adzapulumuka koma palibe adzawafikire. Ikani ATS ya mu raki, kabokosi kolandira A ndi B n'kusinthira ku mbali yamoyo m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo yesani kuti muone ngati zipangizozo zikupirira kusinthako. Pomaliza, tsatani chingwe chilichonse ndi dzanja. Seva imene zingwe zake zonse ziwiri zalowa ku A ilibe chitetezo chilichonse A ikafa. Zingwe za mitundu iwiri, wina wa A wina wa B, zimathandiza kuona cholakwikacho msanga.

Pali njira yapakati imene ena amagwiritsa ntchito: A pa UPS, B pa magetsi wamba. Imakutetezani UPS ikafa magetsi alipo, ndipo ndi yotsika mtengo. Dziwani chabe kuti UPS iyenera kuwerengeredwa lodi yonse, chifukwa magetsi akathima imalandira theka linalo mwadzidzidzi, komanso mbali ya B imafuna chotetezera ku magetsi okwera modzidzimutsa.

Jenereta nayo iwerengereni zonse: lodi, mphamvu yotayika mu UPS, machaja onse akudzaza nthawi imodzi, ndi eyakoni ikamayamba. Jenereta yochepa imagwedezeka, UPS imakana magetsi ake n'kubwerera pa mabatire, ndipo mabatire amatha jenereta ikulira.

7. Lumikizani zozimitsira, kenako yesani ndi lodi yeniyeni

Mphindi 15 zija zilibe ntchito ngati maseva sakudziwa kuti magetsi athima. Ikani khadi la netiweki mu UPS kuti lizitumiza uthenga kudzera pa SNMP, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu monga NUT. Swichi imene uthengawo ukudutsamo ikhale pa UPS ndipo izime pomalizira. Ikani kuti kuzimitsa kuyambe pakatha mphindi 3 zodikira zija, osati podikira chizindikiro chakuti batire latsala pang'ono, chifukwa pa mabatire okalamba chizindikirocho chimabwera mochedwa. Pa 2N, pulogalamuyo iziyang'ana ma UPS onse awiri, kuti isazimitse chipinda chifukwa choti mbali imodzi yokha yataya magetsi. Manambala mukhoza kuwaona motere:

```
upsc ups@localhost ups.load
upsc ups@localhost battery.runtime
```

Nambala yachiwiriyo ili m'masekondi, ndipo ndi kuyerekeza chabe kwa UPS. Kudziyesa kumene UPS imachita yokha kumatenga masekondi ochepa; kumagwira batire loferatu, koma sikungakuuzeni ngati mufika mphindi 15. Choncho musanapereke chipinda kwa eni ake, komanso kamodzi pa chaka, sankhani nthawi imene ntchito yachepa, onetsetsani kuti makope a mafayilo alipo, ndipo gwetsani buleka yolowetsa magetsi mu UPS. Musazule pulagi, chifukwa mukatero mwachotsanso waya wa nthaka. Pa 2N yambani mwazimitsa zotuluka za A kuti muone ngati pali chipangizo chimene chathima, kenako mudule magetsi olowa ku B ikunyamula zonse, ndipo tsiku lina musinthanitse mbali.

Pamene ikuyendera mabatire, wodziwa ntchito apime voteji ya batire lililonse. Limene latsika kwambiri kuposa anzake, kapena likutentha, kapena latupa, ndilo lidzagwetse mzere. Lembani lodi, kutentha kwa chipinda, ndi voteji ya mzere pa mphindi 5, 10 ndi 15, kuti chaka chamawa mukhale ndi chofanizira. Ngati pa lodi yomweyo voteji ya pa mphindi 10 yatsika moonekera poyerekeza ndi chaka chatha, kapena nthawi yonse yayandikira mphindi 15 zimene munawerengera, itanitsani mabatire atsopano ndipo musinthe mzere wonse nthawi imodzi. Pa 2N sinthani mbali imodzi kaye, inayo patapita miyezi ingapo, kuti mbali ziwirizo zisadzakalambire limodzi.